Makilomita angati pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, msewu tikausiya?

Woyendetsa basi mukamufunsa kutalika kwa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, akuuzani kuti ndi makilomita pafupifupi 310 podzera ku Zalewa. Sananame, koma iye akuwerenga msewu, ndipo msewu umakhota. Umakwera ku Dedza, kutsata malire a Mozambique mpaka ku Ntcheu, kenako nkutsikira kumtsinje wa Shire usanakwerenso. Alipo anthu ena amene funso lawo ndi lina. Woimika nsanja ya mafoni, woulutsa kandege kopanda woyendetsa konyamula mankhwala, ngakhale wa ku ofesi ya zaumoyo amene ali ndi mndandanda wa midzi mazana angapo ndipo akufuna kudziwa kuti uliwonse watalikirana bwanji ndi chipatala, onsewa amafuna mtunda wolunjika, wosalabadira msewu, phiri kapena mtsinje.

Mtunda umenewo mukhoza kuupeza pa kompyuta iliyonse yomwe ili ndi Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc, pogwiritsa ntchito fomula yotchedwa havasaini. Fomulayi ndi yakale kuposa makompyuta. Inkathandiza oyendetsa zombo panyanja zikuluzikulu, ndipo dzina lake linatchuka kudzera m'buku la James Inman la mu 1835, lophunzitsa amalinyero a ku Britain. Kuilemba sikutenga nthawi. Chomwe chimavuta ndi kudziwa ngati nambala yomwe yatuluka ili yoona, chifukwa sipuredishiti imayankha chilichonse chomwe mwaipatsa, ndipo imayankha mosakayika ngakhale mwaipatsa zolakwika.

Malo aliwonse padziko lapansi ali ndi manambala awiri. Yoyamba, latichudi, imanena kutalika kwa malowo kuchoka pa ikweta kulowera kumpoto kapena kummwera. Yachiwiri, longichudi, imanena kutalika kwake kulowera kummawa kapena kumadzulo kuchoka pa mzere wodutsa ku Greenwich, mumzinda wa London. Zonse zimayezedwa m'madigiri. Kumpoto ndi kummawa timangolemba nambala, koma kummwera ndi kumadzulo timaika chizindikiro chochotsera kutsogolo. Malawi yense ali kummwera kwa ikweta komanso kummawa kwa Greenwich, choncho latichudi yathu nthawi zonse imakhala ndi chizindikiro chochotsera, pomwe longichudi ilibe. Lilongwe ali pafupifupi pa -13.98 ndi 33.78. Blantyre ali pafupifupi pa -15.79 ndi 35.01.

Munthu wokumbukira masamu a ku sekondale akhoza kudabwa kuti tikuvutikiranji. Kusiyana kwa malatichudi ndi madigiri 1.81, kusiyana kwa malongichudi ndi madigiri 1.23, ndipo digiri imodzi pa dziko ndi makilomita pafupifupi 111.2. Bwanji osangogwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras? Mukatero mupeza makilomita 243.3. Yankholi laphonya pang'ono chabe, koma chomwe laphonyera ndicho chimatipatsa chifukwa chokhalira ndi fomula ina.

Sendani lalanje muyang'ane zigawo zake. Chigawo chilichonse ndi chotambalala pakati, ndipo chimanka chichepa mpaka kukumana ndi zinzake kunsonga zonse ziwiri. Mizere ya longichudi ili chimodzimodzi. Pa ikweta, digiri imodzi ya longichudi ndi makilomita 111 ndi pang'ono. Ku Lilongwe yatsika kufika pafupifupi 108. Ku London ndi makilomita 69 okha, ndipo kunsonga ya dziko palibe chotsala. Digiri ya latichudi yokha ndiyo imakhala pafupifupi chimodzimodzi kulikonse. Lamulo la Pythagoras limaganiza kuti dziko ndi lathyathyathya ndiponso kuti madigiri onse ndi ofanana. Kuno kwathu, poti tili pafupi ndi ikweta, cholakwikacho ndi chaching'ono. Yesani pa Lilongwe ndi London: Pythagoras akupatsani makilomita pafupifupi 8,200, pomwe mtunda wolunjika uli pafupifupi 7,985.

Tsegulani tsamba latsopano. Mumzere woyamba lembani mitu, ndipo mumzere wachiwiri ikani manambala anayi aja motsatana: latichudi ya Lilongwe mu A2, longichudi yake mu B2, latichudi ya Blantyre mu C2, longichudi yake mu D2. Ambiri amathamangira kumata fomula yonse mukabokosi kamodzi. Ine ndimaona kuti poyamba ndi bwino kuidula zidutswa zinayi, chifukwa ikalakwika mumaona pomwe yalakwikira.

```
E2:  =RADIANS(C2-A2)
F2:  =RADIANS(D2-B2)
G2:  =SIN(E2/2)^2+COS(RADIANS(A2))*COS(RADIANS(C2))*SIN(F2/2)^2
H2:  =2*6371*ASIN(SQRT(G2))
```

Zilembo ndi manambala a kumanzere akungosonyeza kabokosi koti mulembemo. Chomwe mukulemba chikuyambira pa chizindikiro cha `=`.

Mizere iwiri yoyamba ikupeza kusiyana kwa malatichudi ndi kwa malongichudi, nkukusandutsa kuchoka m'madigiri kupita m'maradiyani. Radiyani ndi muyeso wina wa ngodya, ndipo imodzi ndi madigiri pafupifupi 57.3. Sitikusankha tokha muyeso umenewu: `SIN` ndi `COS` a m'sipuredishiti amatenga nambala iliyonse yomwe mwawapatsa ngati maradiyani. Mu E2 mutuluka -0.03159, mu F2 mutuluka 0.02147. Chizindikiro chochotsera cha mu E2 chisakudetseni nkhawa, chitha chokha pamzere wotsatira, pomwe nambalayo ichulukitsidwe ndi iyo yomwe. Nchifukwa chake zilibe kanthu kuti mwayambira Lilongwe kapena Blantyre.

Mzere wachitatu ndiwo mtima wa nkhani. Havasaini ya ngodya ndi saini ya theka la ngodyayo yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, ndipo mufomulayi ikuwoneka kawiri, kamodzi pa latichudi, kenanso pa longichudi. Mbali ya latichudi ikulowa momwe ilili. Mbali ya longichudi ikuyamba yachepetsedwa poichulukitsa ndi makosaini a malatichudi awiriwo, ndipo apa ndi pomwe fomula ikuwerengera kuchepa kwa madigiri a longichudi tikamatalikira ikweta. Kosaini ya latichudi ya Lilongwe ndi 0.9704, ya Blantyre ndi 0.9623. Mbali yoyamba ikutuluka 0.0002495, yachiwiri 0.0001076, ndipo mukawonkhetsa mu G2 mupeza 0.000357. Ngati kabokosi kakuonetsa 0.00 kapena 0 yekha, sikuti fomula yakanika. Onjezerani manambala oonekera kutsogolo kwa kadontho.

Mzere wachinayi ukubweza kanambala aka kuti kakhale mtunda. Tayerekezani zingwe ziwiri zochokera pakatikati penipeni pa dziko, china kutulukira ku Lilongwe, china ku Blantyre. `SQRT` ndi `ASIN` akutipatsa theka la ngodya yomwe ili pakati pa zingwezo, ndipo tikachulukitsa ndi 2 tikupeza ngodya yonse, maradiyani 0.03779, omwe ndi madigiri 2.17. Ubwino wa maradiyani ndi wakuti mukachulukitsa ngodya ndi kutalika kwa chingwe, mwapeza kale mtunda wa pamwamba pa mpira. Kutalika kwa chingwecho, kuchoka pakati pa dziko kufika pamwamba pake, ndi makilomita 6,371. Mu H2 mutuluka 240.8.

Choncho basi ija imayenda makilomita pafupifupi 70 oposa mtunda wolunjika. Ndipo tikati wolunjika sitikutanthauza kuboola pansi. Ndi njira yaifupi kwambiri yotsata kupindika kwa dziko. Pa mizinda iwiriyi, ngalande yowongoka yodutsa pansi pa nthaka ikanafupika ndi mamita pafupifupi 14 okha, koma pakati pa Lilongwe ndi London kusiyanako kukuposa makilomita 500.

Mukakhutira kuti zidutswa zikugwira, mukhoza kuziphatikiza mukabokosi kamodzi nkukokera pansi pamizere yonse.

```
=2*6371*ASIN(SQRT(SIN(RADIANS(C2-A2)/2)^2+COS(RADIANS(A2))*COS(RADIANS(C2))*SIN(RADIANS(D2-B2)/2)^2))
```

Ngati midzi ili yambiri koma chipatala ndi chimodzi, lembani manambala a chipatalacho pamalo amodzi, mwachitsanzo mu J1 ndi K1, ndipo mufomula muwatchule kuti `$J$1` ndi `$K$1`. Popanda chizindikiro cha `$`, fomula ikamakokedwa imatsika nawo, nkuyamba kuwerenga timabokosi topanda kanthu.

Tsopano tifike pa zolakwika, zomwe zili mitundu iwiri: zaphokoso ndi zachinunu.

Zaphokoso sizivuta kugwira. Mukaiwala `RADIANS` monse, fomula yathu ikuuzani kuti Blantyre ali pa makilomita oposa 10,800 kuchoka ku Lilongwe. Mukaiwala chizindikiro chochotsera pa latichudi ya Blantyre yokha, mzindawo mwausamutsira kumpoto kwa ikweta, m'dziko la Sudan, ndipo yankho likhala pafupifupi 3,310. Kabokosi kopanda kanthu sipuredishiti imakawerenga ngati 0, ndipo latichudi 0 ndi longichudi 0 ndi malo a pamadzi m'nyanja ya Atlantic, kummwera kwa Ghana, makilomita pafupifupi 4,030 kuchoka ku Lilongwe. Mukaona midzi ingapo pamndandanda ili ndi mtunda wofanana ndendende wa makilomita zikwi zinayi ndi kanthu, yang'anani ngati wolemba sanadumphe manambala ake. Palinso msampha wa omwe amakopera fomula kuchokera kwa olemba mapulogalamu. Iwo nthawi zambiri amamaliza ndi `atan2` m'malo mwa `ASIN`, koma `ATAN2` ya m'sipuredishiti imalandira manambala ake awiri mosemphana ndi momwe zinenero zambiri za mapulogalamu zimachitira. Mukakopera osatembenuza, mupeza 19,774, womwe ndi theka la ulendo wozungulira dziko kuchotsapo 240.8 yathu ija. Zonsezi wina aliyense akhoza kuziseka, chifukwa palibe malo awiri m'Malawi muno otalikirana ngakhale makilomita 1,000.

Zachinunu ndizo zimalowa m'malipoti. Chachikulu mwa izo ndi kusinthanitsa latichudi ndi longichudi. Izi sizichitika chifukwa cha kusasamala kokha. Mukadina malo pa Google Maps, manambala amabwera latichudi poyamba, longichudi pambuyo. Koma mafayilo a mtundu wa KML ndi GeoJSON, omwe akatswiri a mapu amatumizirana, amayamba ndi longichudi. Mapulogalamu ambiri a mapu amatchulanso makolamuwa kuti X ndi Y, ndipo X, yomwe imayambirira, ndi longichudi. Munthu wolandira fayilo yotere akhoza kumata makolamu awiriwo momwe abwerera, osazindikira kanthu.

Yesani dala. Ikani 33.78 mu A2, -13.98 mu B2, 35.01 mu C2, ndi -15.79 mu D2. Yankho likhala 215.1. Nambala iyi siyodabwitsa aliyense. Ndi yocheperapo kuposa ya msewu, monga tikuyembekezera, ndipo munthu wosadziwa yankho lenileni akhoza kuilandira ndi manja awiri. Koma yaperewera ndi makilomita oposa 25, chifukwa fomula yayeza malo awiri a pamadzi m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco. Kumeneko makosaini ndi 0.83 ndi 0.82, osati 0.97 ndi 0.96, ndipo akuchepetsa kusiyana kwa madigiri 1.81, komwe sikumayenera kuchepetsedwa konse. Tsono ganizirani ntchito yomwe yaika malire, tinene kuti mudzi uliwonse wotalikira chipatala ndi makilomita oposa 8 ulandire chithandizo choyendera. Mudzi womwe uli makilomita 9 kummwera kwa chipatala ukhoza kuoneka ngati uli pa 7.5, nkuchotsedwa pamndandanda, pomwe mudzi wa kummawa ukuoneka wotalikirapo pang'ono kuposa momwe ulili. Palibe kabokosi kamene kaonetse chenjezo.

Chachiwiri chachinunu ndi cha madigiri ndi mphindi. Mabuku ndi mapu akale amalemba latichudi ya Lilongwe kuti 13°59′. Ambiri amangoika kadontho pakati nkulemba 13.59. Koma digiri ili ndi mphindi 60, osati 100, choncho mphindi 59 ndi 59 kugawa ndi 60, yomwe ndi 0.983. Nambala yoyenera ndi 13.983. Wolemba 13.59 wakankhira Lilongwe kumpoto ndi makilomita pafupifupi 44. Chizindikiro chake mukhoza kuchiona ndi maso: tsikani kolamu yonse muyang'ane manambala awiri oyamba otsatira kadontho. Ngati pa mizere mazana palibe ngakhale umodzi wofika .60, manambalawo ndi mphindi zobisala. Kukonza kwake nkosavuta mukakhala ndi madigiri, mphindi ndi masekondi m'makolamu osiyana, tinene L, M ndi N.

```
=-(L2+M2/60+N2/3600)
```

Onetsetsani kuti chizindikiro chochotsera chili kunja kwa zonse zitatu. Mukachiika pa madigiri okha, mphindi ziwonkhetsedwa molowera kumpoto, ndipo 13°59′ kummwera isanduka -12.02.

Njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa kuyang'anitsitsa fomula ndi kufunsa manambala asanalowe mufomulamo. Malawi ali pakati pa latichudi -9 ndi -18, komanso pakati pa longichudi 32 ndi 36. Kolamu imodzi yoonjezera ikhoza kulondera zimenezo pamzere uliwonse.

```
=IF(AND(A2<-9,A2>-18,B2>32,B2<36),"chabwino","onaninso")
```

Kolamu iyi igwira kusinthanitsa kuja, chizindikiro choiwalika, ndi timabokosi topanda kanthu. Wogwira ntchito ku Chipata kapena ku Tete asinthe malirewo kuti agwirizane ndi dera lake. Ngati kompyuta yanu inakonzedwa m'njira yolemba -13,98 m'malo mwa -13.98, monga zilili m'makompyuta ambiri a ku Mozambique ndi ku South Africa, fomula iyi ifuna `;` paliponse pomwe pali mpatuliro. Kusiyana komweku kwa kadontho ndi mpatuliro kumachititsanso kuti manambala omatidwa kuchokera kwina alowe ngati mawu. Mukaona `#VALUE!`, kapena manambala atatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe anzawo ali kumanja, vuto ndi limenelo, kapena pali chilembo cha S kapena E chomwe chatsalira kumapeto.

Kenako yesani mzere umodzi ndi dzanja. Pa Lilongwe ndi Blantyre, madigiri 1.81 kuchulukitsa ndi 111.2 ndi makilomita 201 olowera kummwera. Madigiri 1.23 kuchulukitsa ndi 107.5, komwe ndi kutalika kwa digiri ya longichudi pakati pa mizindayi, ndi makilomita 132 olowera kummawa. Pythagoras pa 201 ndi 132 akupereka 240 ndi theka. Izi zikuonetsanso chinthu chomwe okonda fomula sanena kawirikawiri: pamitunda ya m'boma limodzi, Pythagoras wokonzedwa ndi kosaini akwanira. Havasaini timaisankha chifukwa imagwira kulikonse, pafupi ndi patali, popanda kusintha kalikonse.

Nanga 240.8 yo tiikhulupirire mpaka pati? Pali zinthu ziwiri zoichepetsa mphamvu. Choyamba ndi manambala omwe tinalowetsa. Tinalemba manambala awiri okha kutsogolo kwa kadontho, ndipo 0.01 ya digiri ndi mtunda woposa kilomita imodzi. Komanso mzinda si kadontho: Area 25 ndi Kawale onse ndi Lilongwe. Pa midzi ndi mijigo, manambala anayi kutsogolo kwa kadontho akukufikitsani pa mamita 11, asanu pa mita imodzi, ndipo foni wamba siloza malo molondola kufika pamenepo, choncho manambala khumi ndi awiri omwe mapulogalamu ena amatulutsa ndi ongodzaza tsamba.

Chachiwiri ndi dziko lenilenilo, lomwe si mpira wangwiro. Ndi lotupa pa ikweta, lophwatalala pang'ono kunsonga. Kuchoka pakati kufika pa ikweta ndi makilomita 6,378, kufika kunsonga ndi 6,357, ndipo 6,371 ndi nambala yapakati. Chifukwa cha ichi havasaini ikhoza kuphonya ndi pafupifupi theka la kilomita pa makilomita 100 alionse, ndipo kuno kufupi ndi ikweta imakonda kuonjeza pamitunda yolowera kumpoto kapena kummwera. Pa chitsanzo chathu, kuwerengera kotsata maonekedwe enieni a dziko kukupereka pafupifupi 240.1. Njira yodziwika yochitira zimenezo anaifalitsa Thaddeus Vincenty mu 1975, koma imafuna kuwerengera mobwerezabwereza ndipo siyokwanira bwino mukabokosi kamodzi. Woyeza malire a minda ndi mapuloti asadalire havasaini. Wosanja midzi malinga ndi kutalikira kwake asavutike ndi Vincenty, ndipo polemba lipoti angoti makilomita pafupifupi 240.

Fomulayi sidziwanso za kukwera ndi kutsika. Chitimba ndi Livingstonia pamapu ndi oyandikana, koma aliyense amene anakwerapo msewu wa Gorodi ndi makona ake akudziwa kuti kuyandikanako ndi kwa pamapu pokha. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mudzi ukhoza kukhala makilomita 3 kuchoka pa chipatala chomwe chili tsidya lina la Shire, ndipo m'nyengo ya dzinja chipatala chomwe anthu amafikako ndi china, chakutali. Mtunda wolunjika ndi wocheperatu womwe ulendo ungakhale, choncho mudzi womwe fomula yati uli kunja kwa malire uli kunjadi. Mudzi womwe yati uli mkati ndiwo ufunika kuufunsira kwa alangizi a zaumoyo a kuderalo, omwe amadziwa pomwe pali mlatho ndi pomwe palibe.